Kukana kutuma ndalama kumudzi: kodi ndi kuiwala abale?

Sabata ino tiyeni tiganizire funso limene limasowetsa tulo ana athu ambiri amene ali pasukulu kunja kwa dziko. Kodi mwana wasukulu akakana kutuma ndalama mwezi ndi mwezi, waiwala kumene anachokera?

Tiyerekeze mtsikana wa ku Katete amene ali ku Mangalande, kuchita maphunziro a chaka chimodzi a masitazi. Atangokhala miyezi iwiri, amalume ake atuma uthenga: "Mwana wanga, manje popeza wafika, uzitumako kangachepe mwezi uliwonse. Amai ako akalamba, azing'ono ako afuna nsapato." Amalumewo sakunama, ndipo si adyera. Anagulitsa ng'ombe ziwiri kuti tikiti ya ndeke ipezeke. Iwo amva kuti paundi imodzi ndi makwacha oposa 20, basi aona ngati mwana wakhala pankhokwe.

Manje tiyeni tiwerenge zimene amalume saziona. Viza ya mwana wasukulu wa digiri ku Mangalande imalola kugwira ntchito maola 20 chabe pasabata sukulu ikakhala yotsegula. Mu Epulo 2025 malipiro otsikitsitsa a munthu wa zaka 21 kupita m'mwamba anaikidwa pa mapaundi 12.21 pa ola. Akapeza maola onse 20, alandira mapaundi 244 pasabata, pafupifupi 1,050 pamwezi. Tinene kuti kachipinda kake alipira 550, chakudya 200, basi ndi foni 100, ndipo fizi yotsala akuidula pang'onopang'ono, 150 pamwezi. Zatsala 50. Ndipo 50 imeneyo ilipo chabe ngati abwana amupatsa maola onse, ngati sanadwale, ngati jekete ya nyengo yozizira anagula kale.

Akavomera kutuma 100 mwezi uliwonse, idzachokera kuti? Kaya adzadya fizi, kaya adzakongola, kapena adzagwira maola opitirira 20 mobisa. Fizi ikapanda kulipiridwa, yunivesite ikhoza kumuchotsa, ndipo viza yake imene inadalira sukuluyo imapita nayo. Akagwidwa ndi maola opitirira, viza ikhozanso kufafanizidwa. Pamenepo abwerera ku Katete opanda pepala, ndipo ng'ombe ziwiri zija zapita chabe.

Ife alimi tidziwa chinthu chimodzi. Njala ikavuta mu Novembala, mbewu yosungira kubzala sitipita nayo kuchigayo. Mwana akulira, mbewu ili pomwepo m'nyumba, koma mai amakana. Palibe amene amati maiyo wadana ndi ana ake. Ndalama ili m'manja mwa mwana wasukulu ndi mbewu, si zokolola. Banja lomwe ndilo linaiika m'manja mwake kuti aibzale. Akaibweza mwezi ndi mwezi kuti aoneke wabwino, ndiye kuti walakwira omwe anamutuma.

Wina anena kuti, "Koma Malemba amadzudzula munthu wosasamala a pabanja pake." Zoonadi, 1 Timoteyo 5:8 ndi mawu olemera, ndipo sitiwachepetsa. Koma Paulo yemweyo, pa 2 Akorinto 8:12-13, aphunzitsa kuti chopereka chimayesedwa ndi zimene munthu ali nazo, osati zimene alibe, ndipo cholinga si chakuti ena apepukidwe wopatsayo atsale m'mavuto. Kulonjeza ndalama imene ulibe ndi bodza, ngakhale bodzalo lichokere mumtima wachifundo.

Tsono vuto lenileni silili pa kukana. Lili pa kakanidwe. Ambiri sakana n'komwe. Amati "ndizaona", mwezi utha, foni ikalira saiyankha, uthenga auwerenga koma sabweza mawu. Manyazi amawatseka pakamwa. Kumudzi amai akudikira, mwina atenga kale shuga ndi saladi pangongole pokhulupirira "ndizaona" uja. Chete ameneyu ndiye amapweteka, ndipo ndiye kuiwala kwenikweni. Makolo akhoza kupirira mwana wosauka, koma mwana wosowa mawu amawadwalitsa mtima.

Mtsikana wathu uja achite bwanji? Asalembe uthenga pagulu la banja, pamene aliyense aponyapo lake. Aimbire amalume okha, amve mawu ake. Ayambe ndi moni wonse monga mwa mwambo, afunse za amai, za mvula, za ziweto. Kenaka anene poyera: "Amalume, ng'ombe zanu sindinaziiwale, ndipo sindidzaziiwala. Koma ndikakuuzani kuti ndizituma mwezi uliwonse, ndikhala ndakunamizani. Lekani ndikuwerengereni zimene ndilandira ndi kumene zipita." Awerenge manambala aja limodzi ndi limodzi. Munthu wamkulu amene wagulitsapo chimanga ndi kulipira ngongole ya fataleza amamva masamu. Chimene samva ndi mawu akuti "kuno zinthu n'zodula" opanda nambala.

Akatero anene chimene angathe, ndipo chikhale chaching'ono moti sadzalephera. Pa 50 uja akhoza kusunga 20 pamwezi. Pakatha miyezi 6 ili 120. Anene kuti, "Iyi ndidzatuma kamodzi, mu Okutobala, ithandize pa fataleza." Ndalama yobwera kamodzi panthawi yodziwika banja limaikonzera ntchito, pamene ya mwezi ndi mwezi imasanduka malipiro, ndipo tsiku limene yalephera pamabuka mkangano. Atchulenso nthawi yokambirananso: "Ndikatsiriza sukulu, ndikapeza ntchito, tidzakhala pansi tione za mwezi ndi mwezi." Kukana kokhala ndi tsiku lake kumasiyana ndi kutseka chitseko.

Pali malire, ndipo tisawabise. Ngati amai agonekedwa m'chipatala ndipo mankhwala afunika lero, masamu aja saimanso pamalo oyamba. Apo mwana atume zimene ali nazo, adye zochepa mwezi umenewo, auzenso abale ena asonkhe. N'chifukwa chake ndi bwino kugwirizana ndi amalume pasadakhale kuti ngozi ndi chiyani: matenda aakulu ndi maliro, inde, foni yatsopano ya msuweni ndi chitenje cha ukwati, iyayi. Ndipo mwana adziyese yekha moona mtima. Ngati akana amai 20 koma sabata iliyonse aonetsa zithunzi za nsapato zatsopano ndi maulendo, mbewu ija akuidya yekha, ndipo madandaulo a kumudzi ndi oona.

Kodi amalume adzakondwa? Mwina ayi. Mwina adzati, "Wayamba chizungu," ndi kudula foni. Zimenezo zimawawa, ndipo palibe kalankhulidwe kamene kangaziletse zonse. Koma Sande yotsatira mtsikanayo aimbenso. Afunse amai ngati mwendo waleka kutupa, athandize mng'ono wake wa giredi 9 masamu pafoni, akumbuke tsiku limene atate anamwalira. Chibale ndi fupa, sichiola, koma chimafuna kuti mawu azimveka.

Ndipo inu makolo ndi amalume amene muwerenga uthenga uno muli ndi mwana kunja, musanamufunse kuti atuma liti, mufunseni ngati wadya, ndi kuti fizi yatsala zingati. Akakuuzani kuti sangathe, mufunseni manambala. Akakuwerengerani mosabisa, muuzeni kuti, "Tamva, mwana wanga, tsiriza sukulu." Mawu amenewo adzamuchotsera katundu amene wakhala akusenza yekha usiku, m'kachipinda kozizira, kutali ndi kwawo.

Mukhale ndi sabata yamtendere.