Mainvoyisi a eni ake si umboni

Wofufuza wapeza chibowo pa webusayiti ya kampani yomwe imalipira oipezera zofooka kudzera ku HackerOne: akasintha nambala imodzi pa adiresi, invoyisi ya munthu wina imatseguka. Vutoli amati IDOR, ndipo lili m'gulu lomwe OWASP inaika poyamba pa mndandanda wake wa 2021. Kodi polemba lipoti akokere mainvoyisi a makasitomala enieni kuti kampaniyo idzidzimuke?

Mnyamata wofufuzayo akuti inde. "Mayi, ndikangoti n'zotheka, mukalemba `Informative` n'kutseka nkhani. Koma mukaona mayina ndi manambala a foni a anthu mazanamazana, mukhala tsonga." Akunena zoona pamfundo imodzi: lipoti losaonetsa kuopsa kwa vuto silipita patali. Mayi amene ntchito yawo ndi kuyesa malipotiwa akumuyankha kuti, "Achimwene, chomwe ndifuna n'choti ndibwereze ndekha zomwe mwachita. Mayina a anthu sandithandiza pamenepo."

Ndili kumbali ya mayiwa, chifukwa umboni wonse ungapezeke popanda kukhudza mwini wake aliyense. Wofufuza atsegule maakaunti awiri ake, A ndi B. Ndi B apange invoyisi, tinene kuti yapatsidwa nambala 1043. Kenako alowe ngati A, yemwe invoyisi yake ndi 1042, n'kutumiza pempho ili:

```
GET /api/invoices/1043
Cookie: session=<A>
```

Seva inayenera kukana ndi `403` kapena `404`, koma yayankha `200 OK` n'kupereka dzina ndi adiresi ya B. Lipoti lilembe masitepewa motsatana, pempho ndi yankho zikopedwe momwe zilili, ndipo linene kuti A ndi akaunti wamba. Poiwalika kawirikawiri ndi pomalizapa, ndipo woyesa akayesera pa akaunti ya admin amaona ngati palibe chachilendo.

Mnyamatayo sakugonja: "Invoyisi imodzi ionetsa bwanji kukula kwa vuto?" Manambala enieniwo akuonetsa. Poti 1043 yatsata 1042, aliyense wolembetsa akaunti angathe kuwerenga chobwerera m'mbuyo, ndipo chiganizo chimodzi n'chokwanira kufotokoza zimenezi. Kukokera zambirimbiri n'kuchita chomwecho chimene ukuchenjeza, komanso mapulogalamu ambiri otere amaletsa poyera. Ukaona za munthu wina mwangozi, ima pomwepo, unene mu lipoti.

Mnzake wa mnyamatayo, wolemba mapulogalamu, akulowerera ndi zina: "Ingowauzani asinthe manambala akhale UUID, basi." Zimenezo zimangovutitsa kulosera, koma UUID ikadontha mu imelo kapena mu linki, chibowo chikadalipo. Choyenera kulangiza n'choti seva, isanapereke invoyisi, izifunsa ngati wopemphayo ndi mwini wake, ndipo zomwezo ziyesedwe pa `PUT` ndi `DELETE`.

Mayi aja sakulonjeza kuti lipoti lodziletsa lidzalipidwa mokwanira nthawi zonse, pakuti alipo makampani ochepetsa mphotho akapanda kuopsezedwa. Mnyamatayo akuti apo ndiye pagona dandaulo lake.