Tsokonombwe Anatha Mtunda n'Kudumpha

Asuweni awiri okhala ku Hamilton, kufupi ndi Toronto, anatsutsana akudya nsima Lamlungu masana. Wamkulu, wa ku Ndirande amene anachoka kumudzi kalekale, anamenya patebulo.

"Asuweni, Blantyre ndi mzinda. Lilongwe ndi tchire la maofesi basi!"

Wamng'ono, wa ku Kawale, sanakweze mawu. Anatulutsa foni n'kumuwerengera zotsatira za kalembera wa 2018: mzinda wa Lilongwe anthu 989,318, wa Blantyre 800,264.

Wamkuluyo sankanama, kungoti ankanena za dzana. Pa kalembera wa 1998 Blantyre inali patsogolo ndithu, ndi anthu 502,053 pamene Lilongwe inali ndi 440,471. Koma chisamukire likulu kuchoka ku Zomba mu 1975, antchito aboma, amalonda ndi abale awo akhala akuthamangira ku Lilongwe. Pofika 2008 inali itapitirira Blantyre pang'ono.

Ndi zimene mwambiwu umanena: tsokonombwe amadumpha pafupipafupi, woyang'ana n'kumupeputsa, koma mtunda ukutha. Amapusitsa kwambiri munthu wakutali, amene sanaone nyumba zikumera ku Area 25.

"Chabwino asuweni," anatero wamkuluyo, "Khirisimasi ikubwerayi mukandiyendetse ku Lilongweko."