Musalembe kuti "kunali kusasamala": malangizo kwa olemba malipoti a ngozi za pantchito

Ana anga, inu amene mwangoyamba ntchito m'zipatala, m'mafakitale ndi m'maofesi, tsiku lidzafika limene zinthu zidzalakwika pamalo panu, ndipo akuluakulu adzakuuzani kuti mulembe lipoti. Gawo loyamba, lofotokoza zimene zinachitika, ambiri mumalilemba bwino. Vuto limabwera pa gawo lotsatira, lofotokoza gwero la vutolo. Pamenepa ndi pamene ndimaona mawu akuti "kusasamala kwa wogwira ntchito" kapena "kuiwala", kenako lipoti n'kutha. Lipoti lotere limapeza munthu womudzudzula, koma silisintha kanthu, ndipo ngozi ija imabweranso pa munthu wina.

Pali njira yothandiza imene inakula ku kampani ya Toyota ku Japan. Taiichi Ohno, amene anakonza kagwiridwe ka ntchito m'mafakitale a kampaniyi, anaifotokoza m'buku lake la m'chaka cha 1978. Njira yake ndi yofunsa kuti "chifukwa chiyani?" kasanu, funso lililonse likuchokera pa yankho la funso lapitalo. Kumva kwake n'kosavuta. Kuchita kwake kumafuna mtima wodekha, n'chifukwa chake ndikufuna tiyende limodzi m'chitsanzo chimodzi mpaka kumapeto.

Tiyerekeze kuti mukugwira ntchito pachipatala chaching'ono chakumudzi. Katemera wa ana amasungidwa mufiriji imene iyenera kukhala pakati pa madigiri 2 ndi 8, ndipo lamulo ndi lakuti kuzizira kwake kuwerengedwe ndi kulembedwa patchati kawiri patsiku, m'mawa ndi madzulo. Lolemba m'mawa mlangizi wa zaumoyo akutsegula chipinda ndipo akupeza firiji ili pa madigiri 17. Katemera yense akuikidwa padera kuti a kuboma adzamuyeze, ndipo amayi amene anabwera ndi ana kusikelo akubwerera osabayitsa.

Musanafunse chifukwa chilichonse, malizani kaye kulemba zimene zinachitika, motsata nthawi yake. Lachisanu 4 koloko madzulo tchati chikuonetsa madigiri 5. Loweruka ndi Lamlungu patchati palibe cholembedwa. Kachipangizo kolemba kutentha kamene kamakhala mufiriji, kamene kamaonetsa chenjezo kutentha kukapitirira madigiri 8 kwa maola 10, kakuonetsa chenjezo kuyambira Loweruka. Lolemba 7 koloko m'mawa ndi pamene munthu anaona vutolo. Mu gawo limeneli musalowetsemo mawu akuti "chifukwa". Mukasakaniza zimene munaona ndi zimene mukuganiza, wowerenga sadzathanso kuzisiyanitsa, ndipo maganizo anu adzawatenga ngati umboni.

Kenako lembani vuto lenileni m'chiganizo chimodzi, pakuti mafunso onse adzachokera pamenepo. Mukalemba kuti "anthu sasamala katemera", mwaweruza kale mlandu musanaumve. Lembani chinthu choyezeka: firiji ya katemera inakhala pamwamba pa madigiri 8 kuyambira Loweruka mpaka Lolemba m'mawa.

Funso loyamba: n'chifukwa chiyani firiji inatentha? Yankho: sinkalandira magetsi. Musalembe zimenezi chifukwa choti zikumveka zoona. Firiji ingatenthe chifukwa chitseko chinasiyidwa chosatseka bwino, kapena makina ake anafa. Inu munapita kukaona, munapeza chitseko chili chotseka, ndipo magetsi atabwerera firiji inayambanso kuzizira. Umenewo ndiwo umboni, ndipo ulembedwe pafupi ndi yankho.

Funso lachiwiri: n'chifukwa chiyani sinkalandira magetsi? Pano ambiri amafulumira kunena kuti magetsi anathima dera lonse, poti kuthima kwa magetsi tinakuzolowera. Koma mlonda akuti nyumba za pafupi zinali zowala usiku wonse, ndipo mita ya chipatala inapezeka ilibe mayunitsi. Yankho loona ndi lakuti mayunitsi olipiriratu anatha Lachisanu usiku.

Funso lachitatu: n'chifukwa chiyani mayunitsi anatha asanagule ena? M'buku la makalata mukuoneka kuti pempho la ndalama zogulira mayunitsi linatumizidwa Lachinayi, ndipo malisiti a miyezi yam'mbuyo akuonetsa kuti pempho lotere limatenga pafupifupi mlungu umodzi kuti liyankhidwe. Pempho linapita mochedwa.

Apa ndi pamene pali msampha waukulu. Funso lachinayi limakonda kusanduka lakuti "ndani anachedwetsa pempho?" Mukalola zimenezi, mudzapeza dzina la kalaliki, mudzalemba kuti achenjezedwe, ndipo kufufuza kudzathera pomwepo. Funsani m'malo mwake kuti: n'chifukwa chiyani pempho linatumizidwa kutatsala mayunitsi a tsiku limodzi lokha? Mukamufunsa kalalikiyo mwaulemu, akuuzani kuti anadziwa za mayunitsi Lachinayi lomwelo, mlonda atamva mita ikulira. Mita ili kuseri kwa nyumba, ndipo palibe amene amaiwerenga tsiku ndi tsiku. Kalaliki uja sanachedwe. Anachita zoyenera tsiku lomwe anamva.

Funso lachisanu: n'chifukwa chiyani palibe amene amawerenga mita? Chifukwa chipatala chitachoka pa magetsi olipira pakutha pa mwezi n'kupita pa mita ya mayunitsi, ndandanda ya ntchito sinasinthidwe. Palibe amene anapatsidwa udindo wowerenga mita, ndipo palibe mlingo umene unaikidwa wakuti mayunitsi akafika pamenepo pempho lipite. Limeneli ndilo gwero. Mukulizindikira chifukwa ndi chinthu chimene chipatala chingathe kusintha, ndiponso chifukwa ngakhale mutachotsa anthu onse n'kubweretsa atsopano, vutolo lingachitikebe.

Mukafika pamenepa, yesani mzere wanu powerenga chobwerera m'mbuyo, mukulumikiza ndi mawu akuti "choncho". Palibe amene anapatsidwa udindo wowerenga mita, choncho kuchepa kwa mayunitsi kunadziwika mochedwa, choncho pempho linapita Lachinayi, choncho mayunitsi anatha ndalama zisanabwere, choncho firiji inazima, choncho inatentha. Ngati pena pake "choncho" akumveka mokakamiza, ndiye kuti mwadumpha sitepe kapena mwaikapo zongoganiza. Bwererani pamenepo mukafufuzenso. Yeso lina ndi lofunsa kuti: chimenechi chikanapanda kuchitika, kodi chotsatira chake chikanachitikabe? Ngati yankho ndi inde, chimene mwalembacho si chifukwa chake, changochitikira limodzi.

Tsopano mverani mbali imene malipoti ambiri amaiphonya. Mzere umene tatsatawu wayankha chifukwa chimene firiji inazimira. Sunayankhe chifukwa chimene inakhalira yozima masiku awiri popanda woiona. Firiji ya katemera imasunga kuzizira kwa maola angapo magetsi atathima, kotero munthu akanaiona Loweruka m'mawa, katemera akanasamutsidwira m'bokosi loziziritsa kapena kupita naye kuchipatala china. Pamafunika mzere wachiwiri. N'chifukwa chiyani vutolo silinaoneke msanga? Tchati sichinalembedwe Loweruka ndi Lamlungu. Chifukwa chiyani? Amene amachilemba ndi alangizi a zaumoyo, ndipo iwo sagwira ntchito masiku amenewa. Nanga namwino amene anali pantchito? Kiyi wa chipinda cha firiji amakhala ndi mlangizi. Mukatsegula matchati a miyezi itatu yapitayo, mukupeza kuti mipata ya Loweruka ndi Lamlungu yakhala yopanda kanthu nthawi yonseyi, ndipo amene amasayinira tchati pakutha pa mwezi sanafunsepo. Mzere umenewu wafika pa gwero lake ndi mafunso atatu okha. Nambala ya 5 si lamulo. Nthawi zina mafunso amakwana atatu, nthawi zina amafika 7. Chofunika n'chakuti pa ngozi iliyonse mufunse zinthu ziwiri: chinachititsa n'chiyani, ndipo chinalepheretsa kuti tiione msanga n'chiyani.

Pali kulakwitsa kwina kosiyana ndi kuima msanga, ndiko kupitirira malire. Wina angapitirize kufunsa mpaka kufika pa mawu akuti "ndalama za zaumoyo n'zochepa" kapena "dziko lathu ndi losauka". Mwina n'zoona, koma mkulu wa chipatala akawerenga zimenezo, mawa m'mawa sangachitepo kanthu. Imani pa chifukwa chomaliza chimene owerenga lipoti lanu ali ndi mphamvu yochikonza. Ngati pali china chimene chili m'manja mwa a kuboma, monga kuchedwa kwa ndalama za mayunitsi, chilembeni padera ndipo munene ofesi imene ingachikonze.

Dziwaninso malire a njira imeneyi. Imakufikitsani pokhapo pamene pafika nzeru za amene akufunsidwa, ndipo anthu awiri ofufuza ngozi imodzi angathe kutulukira pa magwero awiri osiyana. N'chifukwa chake simuyenera kulemba gawoli muli nokha muofesi. M'chitsanzo chathu, amene anatsegula nkhani yonse ndi mlonda, munthu amene kawirikawiri saitanidwa kumisonkhano. Mutu umodzi susenza denga. Pitani pamalo pamene panachitikira vuto, muone mita ndi maso anu, mufunse aliyense payekha, ndipo muwauze poyamba kuti simukufuna womupatsa mlandu. Munthu amene akuopa kuchotsedwa ntchito sanena zonse. Ngozi ikakhala yaikulu, monga imfa ya munthu kapena moto, zifukwa zimakhala zambiri zolukanalukana, ndipo mafunso asanu okha sakwanira. Pamenepo akatswiri amawonjezera njira zina, monga chojambula cha Kaoru Ishikawa chimene chimasanja zifukwa m'magulu a anthu, makina, zipangizo ndi kachitidwe ka ntchito.

Polemba, gawoli likhale lalifupi ndi lomveka bwino. Yambani ndi chiganizo cha vuto. Pansi pake ikani funso lililonse, yankho lake, ndi umboni wake: tchati cha tsiku lakuti, buku la makalata, mawu a amene anaona. Pamene umboni palibe, nenani poyera kuti yankholo silinatsimikizike. Tchulani anthu ndi maudindo awo, osati mayina. Pomaliza lembani magwero onse awiri, lililonse m'chiganizo chimodzi, kuti gawo la zoyenera kuchita likhale ndi poyambira.

Gawo limenelo ndilo lidzaulule ngati munafufuzadi. Gwero likakhala loona, chochita chake chimakhala ndi mwini, tsiku, ndi njira yochionera: mlonda wa m'mawa aziwerenga mita ndi kulemba m'buku tsiku lililonse, pempho lizipita mayunitsi akatsala a milungu iwiri, kiyi wachiwiri azikhala ndi namwino wogwira ntchito Loweruka ndi Lamlungu, ndipo mkulu wa chipatala aziona tchati Lolemba lililonse. Mukapeza kuti chochita chanu ndi chakuti "ogwira ntchito akumbutsidwe kusamala", musapereke lipotilo. Bwererani pa funso lomwe munaimira, mufunsenso.