Mutu Umodzi Susenza Denga

M'makomboni a mafamu a fodya ku Karoi ndi ku Mvurwi, m'dziko la Zimbabwe, muli Amalawi omwe makolo awo anabwera kudzagwira ntchito. Mafamu atayamba kulandidwa mu 2000, ambiri anatsala opanda ntchito, opanda munda, abale ali kutali.

M'mabanja otere, mwamuna akafa ziwalo, mkazi amamutembenuza maola awiri alionse kuopa zilonda, kumuchapira, kenako kuthamangira ganyu yosankha fodya. Akayamba kumukalipira podya phala, sikuti chikondi chatha, thupi latopa.

Denga amalikweza anthu ambiri. Amayi a Mvano kapena a bungwe la maliro asamadikire maliro. Akakhala ndi wodwalayo masana amodzi pa sabata, mkaziyo amagona, nadzuka kukacheza ndi mwamuna wake: "Bambo, mukukumbukira gule wa ku Dedza?" Aseke ngati kale.