Pang'onopang'ono ndi mtolo

Wotola nkhuni kuthengo sapeza mtolo utamangidwa kale. Amatola kamtengo apa, kena apo, ndipo dzuwa likamapendeka ali ndi katundu wofuna nkhata. Akuluakulu akamanena kuti pang'onopang'ono ndi mtolo amakhala akulangiza munthu amene sangathe kuchita chinthu chonse nthawi imodzi kuti asachitaye. Mwambiwu umamukwana mayi woyembekezera amene kusikelo amuuza kuti magazi achepa, koma nseru ikumukaniza kudya.

Titenge mayi wa mimba ya miyezi itatu. Amuyeza magazi apeza 9.5, pamene woyembekezera safunika kutsika pa 11. Thupi lake likufuna ayironi pafupifupi mamiligiramu 27 patsiku, koma fungo la anyezi pamoto lokha likumuthamangitsira kuseri kwa nyumba. Apongozi, pomufunira zabwino, amukomeza mitanda itatu ya nsima nati, "Idyani mayi, muli awiri." Mbale yotereyi imabwerera yonse. Komanso m'mimba mukakhala mopanda kanthu nseru imakula, choncho kusala nkomwe sikuthandiza. Chofunika ndi kudya kochepa maola awiri kapena atatu alionse.

M'mawa asanadzuke pamphasa alume kanthu kouma kamene anaika pafupi usiku, kaya mbatata yootcha, kaya bisiketi. Madzi adikire kaye. Pakapita mphindi makumi awiri, m'mimba mutakhazikika, amwe kapu imodzi ya phala la mgaiwa lothira ufa wa soya kapena nsinjiro, lozizirako, chifukwa chakudya chotentha ndicho chimatulutsa fungo lambiri. Chammamawa ndithu, gwafa mmodzi ndi mtedza wokazinga wodzaza dzanja.

Masana ndipo pagona nkhani. Ayironi wa mu nsomba ndi nyama amalowa m'thupi mosavuta kusiyana ndi wa mu nyemba ndi masamba, ndiye usipa, bonya kapena matemba n'zothandiza kwambiri, makamaka poti timadya ndi mitu yomwe. Vuto ndi fungo. Aphike munthu wina, panja, mayiyo ali kutali, ndipo osakazinga m'mafuta ambiri: kuwiritsa ndi tomato basi, kenako kufinyira ndimu. Ngati zikukanikabe, usipa wouma ausinje n'kuthira supuni ziwiri mu bonongwe kapena chisoso chotendera, momwe fungo lake limabisala. Mtanda umodzi wa nsima wakwana. Tsiku limene nsomba zakana, nyemba, nandolo kapena khobwe zilowe m'malo, koma zidyedwe pamodzi ndi chinthu chowawasa monga lalanje, ndimu kapena madzi a malambe. Vitamini C wa mu zipatsozi ndiye amathandiza kuti ayironi wa zomera alowe m'magazi, ndipo mwamwayi amayi ambiri a nseru amakonda zowawasa. Masamba asaphikidwe mpaka kufiira, ndipo soda achepe, chifukwa amawononga vitaminiyu.

Madzulo dzira lowiritsa bwino ndi mbatata, kapena nyemba zotsala masana zotenthetsa mokwanira. Madzi azimwa pakati pa zakudya, mopsontha, ndipo madzi otentha oviikamo kachidutswa ka jinja amachepetsa nseru kwa ambiri.

Komatu mtolo ukhoza kukula uli wa zinyalala. Mayi amene tsiku lonse akungomwa tiyi ndi buledi akudyadi pafupipafupi, koma magazi sakubwerera, ndipo tiyiyo amatsekereza ayironi akamwedwa pamodzi ndi chakudya. Amene sangamusiye azimwa patapita ola limodzi kapena awiri atadya. Dothi la pachulu limene ena amalilakalaka ndi chizindikiro choti ayironi wachepa, si mankhwala ake, ndipo limatha kubweretsa njoka za m'mimba zoyamwa magazi omwewo. Chiwindi chili ndi ayironi wambiri, koma chilinso ndi vitamini A wochuluka amene angavulaze mwana m'miyezi yoyambirira, choncho ine sindingachiike m'mbale ya mayi wa miyezi itatu.

Ndipo chakudya chokha sichingakweze magazi a 9.5 msanga. Mapiritsi a ayironi ndi foliki asidi a kusikelo ndi ofunika, ngakhale kuti nawonso amautsa nseru ndi kudetsa chimbudzi, zomwe zimachititsa amayi ena kuwabisa pansi pa matiresi. Kuda kwa chimbudziko si vuto. Piritsi amwe usiku pogona atadyako kanthu, osati ndi tiyi kapena mkaka, ndipo likamamuvutabe akauze anamwino m'malo molisiya mwakachetechete.

Pali pamene mwambiwu sugwira ntchito. Mayi akasanza chilichonse, ngakhale madzi, kwa tsiku lathunthu, mkodzo n'kuchepa ndi kudera, kapena akamachita phuma ndi chizungulire pongoyenda pabwalo, zikhatho ndi m'kati mwa zikope zitayera, apite kuchipatala tsiku lomwelo. Kumeneko akayezanso malungo, omwe amatha magazi mofulumira kuposa mmene mbale iliyonse ingawabwezere.