Mtsutso: Dzira Long'aluka Chigoba, Tidye Kapena Titaye?

WAPAMPANDO: Nkhani ya lero yachokera pa thileyi ya mayi athu ogulitsa mazirawa. Yambani ndinu, mayi.

MAYI OGULITSA MAZIRA: Zikomo apampando. Dzulo m'mawa ndinapikula mathileyi awiri, mazira 60. Pobwera pa kabaza, ndi msewu wathu wokumbikawu, asanu anang'aluka. Awiri ndinakazingira ana masana omwewo, atatu ali pa benchi, ndikugulitsa motsitsa mtengo. Ine ndikuti kutaya chakudya ena akugona ndi njala ndi tchimo. Komanso moto umapha chilichonse.

ALANGIZI A ZAUMOYO: Awiri munakazingawo, mayi, sindikutsutsani. Munaona nokha nthawi imene anang'aluka, ndipo munawaphika pasanapite maola ambiri. Nkhawa yanga ili pa atatu aja. Chigoba ndiye khoma la dzira, ndipo mkati mwake muli kachikopa kopyapyala kamene timavutika nako posenda dzira lowiritsa. Kunja kwa chigoba kumakhala zitosi ndi fumbi la m'khola, momwe mumapezeka tizilombo totchedwa salimonela. Mng'alu ndi khomo lotseguka. Tizilomboti tikangofika pa chikasu cha dzira tapeza chakudya, ndipo ndi kutentha kwa Okutobala kuno timaswana msanga. Atatu aja agona usiku ndipo aswera padzuwa.

BAMBO OWETA NKHUKU ZACHIKUDA: Apa alangizi mukukulitsa nkhani. Ine ndaweta nkhuku chiyambire unyamata wanga. Dzira ukaliika m'madzi n'kumira, ndi labwino; likayandama, lasukuluka. Losukuluka silibisala, fungo lake limathamangitsa ndi galu yemwe. Ngati vuto ndi zitosi, tingolitsuka basi.

ALANGIZI: Za madzizo, bambo, n'zoona mbali imodzi. Dzira likamakhalitsa, mpweya wa kunsonga yake yaikulu umachuluka, n'chifukwa chake limayandama. Madziwo akukuuzani msinkhu wa dzira, osati tizilombo. Dzira la salimonela limamira, silinunkha, ndipo limaoneka bwinobwino m'mbale. Kutsukako ndiye musayerekeze pa dzira long'aluka: madzi amakankhira zitosi zomwezo mkati kudzera pa mng'alu.

MAYI OGULITSA: Koma simunandiyankhe za moto.

ALANGIZI: Moto umapha salimonela dzira likapsa lonse, choyera ndi chikasu chomwe zitalimba, kapena kutentha kwa mkati kukafika madigiri 71. Koma taonani mmene timakazingira. Mafuta atentha kwambiri, m'mphepete mwapserera, pakati pali noninoni, ife n'kuphula. Ena amachita kufuna chikasu chamadzimadzi. Ndipo pali tizilombo tina timene tikaswana timasiya poizoni amene moto wa pa mbaula suwononga. Choncho moto ndi wothandiza pa dzira limene lang'aluka kumene, osati lomwe lagonera.

BAMBO OWETA: Nanga lija limang'alukira mumphika powiritsa, choyera n'kutulukira kunja ngati thovu? Akazi anga amaliika padera.

ALANGIZI: Limenelo idyani ndi mtima wonse, lang'alukira m'madzi owira. La panjira nalonso lili ndi njira yake: mukafika pakhomo, liswereni m'kapu yoyera, mulione, mulinunkhize. Ngati muli ndi filiji, vundikirani ndipo muliphike pasanathe masiku awiri. Ngati mulibe, kapena magetsi azima, liphikeni nthawi yomweyo mpaka lilimbe. Koma lomwe mwalipeza litang'aluka kale pamsika kapena m'chisa, lomwe likudontha, lomwe lamatirira pa thileyi kapena lili ndi zitosi pa mng'alu, limenelo tayani.

MAYI OGULITSA: N'zosavuta kunena kwa munthu wa malipiro a pamwezi. Phindu la thileyi ndi mazira ochepa omwewo. Ndipo wogula amaona yekha mng'alu, sindim'bisira.

ALANGIZI: Amaona mng'alu, mayi, koma saona tsiku. Ndipo amene amafuna lotsika mtengo ndi ndani? Ndi mayi amene ndalama yam'perewera, akukaphikira mwana wa zaka ziwiri. Wamkulu wathanzi akatsegula m'mimba, kutentha thupi ndi kupotokola m'mimba, amachira pakapita masiku. Mwana wosakwana zaka 5, mayi woyembekezera, agogo ndi munthu wa chitetezo chochepa m'thupi, madzi amawathera msanga. Matendawa amatha kuyamba patapita maola 6 kapena masiku angapo, moti palibe amene adzakumbukire benchi yanu.

MAYI OGULITSA: Atatu aja ndikawachotsa. Koma ong'aluka tsiku lomwelo ndizigulitsabe, n'kumuuza wogula kuti akaphike lero.

ALANGIZI: Ine ndikadakonda muziwaphika nokha pakhomo.

WAPAMPANDO: Pamenepo simunagwirizane, ndipo tidzabwererapo sabata ya mawa. Chigamulo cha lero ndi ichi: dzira limene mwaona nokha likung'aluka, liphikeni msanga mpaka lilimbe, limene simukudziwa tsiku lake, lisalowe m'mbale ya mwana.