Mtolo wa timitengo ndi denga la nkhokwe

Anthu a ku China amadya ndi timitengo tiwiri, nthawi zambiri ta nsungwi. Pa timitengo timeneti ali ndi mwambi wakuti kamtengo kamodzi sikavuta kuthyola, koma mtolo wa timitengo suthyoka. Ife timati, "Mutu umodzi susenza denga." Miyambi yonse iwiri ikuti munthu payekha sakwanira. Koma tikaifatsira, ikusiyana pa funso ili: kodi timagwirizana kuti titani?

Mtolo uja suchita ntchito ina iliyonse. Timitengo tangomangidwa pamodzi, ndipo mphamvu yake imaoneka pokhapokha wina akabwera kudzathyola. Umodzi wake ndi wodziteteza kwa mdani.

Denga ndi nkhani ina. Amene tinakulira m'tauni mwina sitinaonepo. Kumudzi, denga la nkhokwe amalimangira pansi. Likatha, mwini wake amaitana anzake, onse amalowa kunsi kwake, nalinyamula mpaka kulikhazika pamwamba pa nkhokwe. Apa palibe mdani, pali katundu. Onyamulawo ndi osiyana misinkhu, choncho wamtali amawerama pang'ono kuti wamfupi afikire. Mmodzi akathamanga kapena kuzemba, denga limapendekeka n'kupsinja a mbali inayo. Komanso nkhokweyo ndi ya munthu mmodzi. Enawo akusenza denga la chimanga cha mnzawo.

Umodzi wa mtolo paokha sutiuza ngati anthuwo ndi abwino. Akuba nawonso amamangana mtolo. Ngakhale mu mpingo, kagulu ka ochokera dera limodzi, kapena ka opeza bwino okhaokha, kamatha kugwirana zolimba mwakuti mlendo sapeza polowera. Kagulu kotere sikathyoka ndithu, koma palibe chimene kanyamula. Pa Marko 2 timamva za anthu anayi amene ananyamula munthu wofa ziwalo, nasasula denga kuti amufikitse kwa Yesu. Chinawagwirizanitsa chinali wodwalayo.

Komabe mwambi wa ku China uli ndi chimene wathu ulibe. Denga likakwera, onyamula amabalalika, aliyense kwawo. Mtolo umakhala womangidwa ngakhale tsiku lopanda ntchito. Apa ndi pamene ife a m'tauni timaperewera. Pamaliro timadzaza nyumba, timasonkha ufa ndi nkhuni, timagona pasiwa. Pakatha sabata ziwiri, namfedwa uja amatsala yekha ndi lendi ndi fizi ya ana, ngati kamtengo kamodzi.

Abale ndi alongo, mphakati wathu ufunika zonse ziwiri: chingwe chotimanga masiku wamba, ndi katundu wa wina woti tisenze. Pamsonkhano wa mphakati sabata ino, tiyeni tiwerenge mabanja amene tinawapepesa maliro chaka chino, ndipo tifunsane kuti ndani anawayenderanso chiikireni maliro. Banja limene palibe anapitako, tisankhe anthu awiri apiteko lisanafike Lamulungu likudzali.